Buku lanu loyamba labisala pomwe akuluakulu amasiyira nkhani panjira

Mayi ena amene timakhala nawo mumzinda umodzi kuno ku Mangalande anandiimitsa tsiku lina ndi funso. Anati akhala akufuna kulemba buku kwa zaka zisanu tsopano, kope anagula kalekale, koma akalitsegula m'mutu mumangoti zii. "Achimwene, kodi anthu olembawa nkhani amazitenga kuti?" Ine ndinawafunsa ngati kwawo kuli munthu amene dzina lake likatchulidwa akuluakulu amasintha nkhani. Anaseka, nati alipo awiri. Ndinawauza kuti ndiye kuti ali ndi mabuku awiri.

Sindinkanena zocheza. Ngati nanunso mukufuna poyambira nthano yaitali, musayambire pa nkhani ya pabanja imene aliyense amaidziwa ndipo amaikamba pa ukwati uliwonse. Imeneyo inatha kale, anthu anaisalaza ngati mwala wa mumtsinje. Yambirani pomwe nkhani imadukira, pomwe agogo amati "zinazo n'zakale" n'kudzuka kukasonkhezera moto. Lero ndikuonetsani mmene ndinapezera nkhani yanga pa malo otero, mmene ndinaiyezera ngati ingakwane buku, ndiponso pomwe ndinatsala pang'ono kuiwononga.

Mutu wa makina kunsi kwa bedi

Agogo anga aakazi, obereka mayi, anali a mudzi wina ku Dedza. Anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, ndipo pa mwambo wathu iyeyo ndiye anayenera kukhala mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Mu 1956, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mnyamatayo ananyamuka kupita ku Halale ngati anzake ambiri a nthawi imeneyo. Anatumiza bulangete kamodzi, ndalama kawiri, kenako zii. Anasanduka mtchona. Mu 2003 anatulukira pamudzi ali nkhalamba, minda ya azungu ku Zimbabwe italandidwa ndipo antchito ambiri ochokera kwathu atasowa pogwira. Anabwera ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kolankhula Chishona, ndi mutu wa makina osokera wopanda miyendo yake. Anakhala miyezi isanu ndi itatu, n'kumwalira.

Pabanja pathu nkhani yonse imathera pamenepo. Koma ine ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene palibe ankachifotokoza: makina aja anakhala kunsi kwa bedi la agogo mpaka tsiku limene iwonso anatisiya, ndipo sanalole munthu aliyense kuwagwira, kuwagulitsa kapena kuwakonzetsa. Munthu amene wadana ndi mphatso amaitaya. Amene waikonda amaigwiritsa ntchito. Nanga wousunga kunsi kwa bedi mutu wa makina kwa zaka zonsezo, mumtima mwake munali chiyani?

Chizindikiro choyamba cha nkhani yokwana buku ndi chimenechi: munthu wachita chinthu chimene simungathe kuchifotokoza ndi chifukwa chimodzi. Mukafunsa kuti "anachitiranji zimenezi?" yankho n'kubwera msanga, monga "anali wadyera" kapena "anali chidakwa", dziwani kuti mwapeza miseche chabe. Koma mayankho akabwera awiri otsutsana, ndipo onse akumveka oona, gwiritsitsani. Tengani pepala usiku uno, mulembe anthu atatu a kwanu amene anachita zoterezi. Pambali pa aliyense lembani chinthu chogwirika chimene chinatsala: chikwama, chithunzi chodulidwa mbali imodzi, nyumba imene inathera pa mawindo, dzina limene mwana anapatsidwa anthu n'kudabwa.

Kafunsidwe kake

Safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwa amabwerakonso chimanjamanja. Ulendo woyamba ndinaimbira mayi foni n'kuwafunsa mwachindunji kuti, "Kodi agogo ankadana nawo chifukwa chiyani alongo awo aja?" Mayi anati, "Wayamba liti kufukula akufa?" ndipo anandifunsa za nyengo ya kuno. Ndinataya mwezi wathunthu.

Ndinaphunzira kuti akuluakulu safunsidwa za mumtima, amafunsidwa za zinthu. Ulendo wachiwiri ndinati, "Amayi, tsiku limene agogo aamuna aja anafika, munawaphikira ndiwo zanji?" Anayankha kuti nkhwani wopanda nsinjiro, poti njala ya 2002 inali itangodutsa kumene ndipo nkhuku zonse zinali zitagulitsidwa. Atatero anapitiriza okha: kuti agogo aakazi sanatuluke kukawalonjera mpaka dzuwa litalowa, kuti kamtsikana kaja kanakana kudya, kuti anawagoneka m'khitchini. Funso limodzi la ndiwo linatsegula zimene funso la chidani linatseka. Funsani kuti anavala chiyani, anatsikira pati basi, anagona kuti, ndani anawanyamulira katundu. Maganizo amabwera okha pambuyo pa zinthu.

Ife okhala kunja tili ndi mwayi umodzi umene sitiuzindikira. Achikulire ambiri amamasuka kwambiri pa uthenga wa mawu wa pa WhatsApp kusiyana ndi pamaso, chifukwa palibe amene akuwayang'ana kapena kuwadula mawu. Tumizani funso limodzi lokha pa nthawi, muwagulire bandulo, ndipo muwauze poyera kuti mukufuna kulemba. Musajambule munthu mobisa. Mukalandira uthengawo ulembeni m'kope tsiku lomwelo, m'mawu awo enieni, osakonza Chichewa chawo. Mawu amenewo ndi amene adzakupatseni kalankhulidwe ka ampangankhani anu.

Za zaka musawavutitse. Agogo sanganene kuti 1956, koma amadziwa kuti zinachitika njala ya 1949 itapita, iwo ali ndi mwana woyamba kumsana. Gwiritsani ntchito zikhomo zimene dziko lonse limazidziwa. Akatchula mapaundi ndi mashiling'i, ndiye kuti ndi kale kwacha isanabwere mu 1971. Akati "Wenela atatseka", akunena za 1974, pamene ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu opita kumigodiko. Akati "nthawi ya nyali ndi tambala", muli mu 1993. Mukakhoma zikhomo zitatu kapena zinayi zotere, moyo wonse wa munthu umayalika bwinobwino.

Chomaliza pa kafunsidwe: funsani anthu awiri, aliyense payekha. Mayi anga anati mkuluyo pochoka anatenga ndalama za ng'ombe ziwiri zimene makolo anagulitsa, nalonjeza kuti adzabwera ndi makina kuti mlongo wake azisoka. Mayi aang'ono, ang'ono awo a mayi, anakana. Anati ndalamazo agogo aakazi ndiwo anaba m'nyumba n'kumupatsa usiku kuti athawe mlandu wa mimba, ndipo kwa zaka zonsezo analola kuti mudzi uzimutcha wakuba. Sindinafufuze kuti woona ndani, ndipo nanunso musafufuze. Simuli pabwalo la milandu. Kusiyana kwa maumboni awiriwo ndiye malo amene wolemba amalowerapo ndi zopeka zake.

Nkhaniyi ndi ya yani?

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Timaganiza kuti mwini nkhani ndi amene anayenda ulendo wautali. Ine ndinayamba ndi mtchonayo: kubadwa kwake, ulendo wake, minda ya fodya, akazi ake. Nditalemba masamba khumi ndi awiri ndinaima, chifukwa zinali kungotsatizana ngati mbiri yowerengedwa pamaliro: kenako anapita uku, kenako anagwira ntchito iyi. Samuel Josiah Ntara anatha kumutsata Nthondo kuchokera kubadwa mpaka imfa m'buku lake la 1933, koma njira imeneyo imafuna dzanja lozolowera. Kwa woyamba kumene, zaka 47 ndi mtolo wothyola khosi.

Ndiye ndinawaika pamzere anthu atatu, mtchona, mlongo wake ndi kamtsikana kaja, ndipo aliyense ndinamufunsa mafunso atatu. Akufuna chiyani chimene tingachione ndi maso? Ndani kapena n'chiyani chikumutchinga? Akachipeza, ataya chiyani?

Mtchonayo ankafuna kukhululukidwa ndi malo ogona mpaka imfa. Koma mphamvu analibe, ankangodikira kuti ena agamule. Munthu wongodikira sanyamula buku. Kamtsikana kaja kanali ndi vuto lenileni: kanali mdzukulu wake kudzera mwa mwana wamwamuna, ndiye pa mwambo wa mbumba kanalibe mizu pamudzipo, ndipo kwawo kwa mayi ake kunali kutali kutsidya la malire awiri. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sadziwa za 1956, ndipo theka la nkhani likanatayika.

Agogo aakazi ndiwo anayankha mafunso onse atatu. Munda unali m'manja mwawo, ndipo mawu awo ndiwo akanapita kwa amfumu onena ngati mlongo wawo apatsidwe pomanga ndi polima. Nkhokwe inali yopanda kanthu, ana awo omwe ankati munthu amene sanaike maliro a make sangadye chimanga chawo. Kuti amuteteze anayenera kuulula kuti wakuba uja anali iwowo, ndipo akanataya ulemu umene anaumanga zaka 47 monga mayi wolakwiridwa. Kuti asunge ulemuwo anayenera kumusiya afe ndi dzina la wakuba. Njira zonse ziwiri zinali zowawa, ndipo nthawi inali yochepa poti mkuluyo ankatsokomola magazi.

Mwaona kuti ndinasankha umboni wa mayi aang'ono. Sindinausankhe chifukwa ndi woona, koma chifukwa ndi umene umaika munthu pamphambano. Ndipo buku linafupika lokha: m'malo mwa zaka 47, miyezi isanu ndi itatu, kuyambira tsiku limene basi inamutsitsa mpaka tsiku la maliro. Zakale zizilowa pang'onopang'ono, pomwe zafunikira.

Mukafika apa lembani nkhani yanu yonse m'chiganizo chimodzi. Changa chinali chotere: mayi wachikulire amene anabisa kuti ndiye anathawitsa mlongo wake ayenera kusankha, mlongoyo atabwerera ali pafupi kufa, pakati pa dzina lake labwino ndi tsogolo la mwana amene wabwera naye. Chiganizo chanu chikakhala chopanda mawu akuti "ayenera kusankha" kapena ofanana nawo, bwererani ku mafunso atatu aja.

Zimene moyo wanu wa lero ungapereke

Mbiri ya pabanja imapereka mafupa okha. Mnofu umachokera pa zimene inuyo mukuona tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzipeputsa, amati moyo wanga ndi ntchito ndi tulo basi.

Ine ndimagwira ntchito yausiku m'nyumba yosamalira okalamba. Sindinaonepo agogo aamuna aja akudwala, koma ndikudziwa mmene nkhalamba yonyada imatembenuzira nkhope kukhoma pamene ukuisambitsa. Ndikudziwa kuti munthu amene wayamba kuiwala amabwerera ku chilankhulo cha ubwana wake usiku. Zimenezi ndinazipereka kwa mtchona wanga: masana amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, koma cha m'ma 3 koloko usiku amaitana mlongo wake ndi dzina la paubwana limene palibenso wina wamoyo amene amalidziwa. Mbali imeneyo sindinaimve kwa wachibale aliyense. Ndinaitola pantchito.

Khalani ndi kakope kam'thumba kapena polemba pa foni, ndipo tsiku lililonse mulembe zinthu zitatu zimene mwaona kapena kumva. Musalembe maganizo anu monga "lero ndasowa kwathu". Lembani zogwirika: mmene mnzanu amatsitsira mawu foni yakumudzi ikalira pa 25, zimene mwana wanu wobadwira kuno amayankha agogo ake akamulonjera, zimene zimalowa m'chikwama cha munthu wopita kumudzi ndi zimene amatulutsamo sikelo ikakana pabwalo la ndege. Pakatha milungu isanu ndi umodzi mudzakhala ndi tinthu toposa 120. Tambiri simudzatigwiritsa ntchito, koma khumi kapena makumi awiri tidzakwanira ndendende m'mabowo a nkhani yakale ija.

Pali chinanso chimene moyo wa lero umapereka, ndipo ndi chowawa. Tsiku lina ndikulemba za makina aja ndinakumbukira kuti pochoka kwathu ndinalonjeza mayi malata a nyumba yawo, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zinali zitadutsa ndisanapondeko. Ndinazindikira kuti sindinkalemba za agogo ayi. Ndinkafuna kudziwa ngati munthu wochedwa kubwerera amalandiridwa. Pabanja panu pali nkhani zambiri, koma imene idzakukhazikeni pampando kwa chaka chathunthu ndi yokhayo imene ikufunsa funso limene inuyo mukuliopa. Pa anthu atatu amene mwalemba papepala paja, sankhani amene akukusowetsani mtendere, osati amene angasangalatse anthu.

Muyeso wa zochitika makumi atatu

Musanayambe mutu woyamba, yezani ngati nkhaniyo ili ndi mpweya wokwanira. Nthano yaitali yapakatikati imakhala ndi mawu pafupifupi 50,000. Mukaigawa m'zochitika 30, chilichonse chimatenga mawu cha m'ma 1,700. Ndiye khalani pansi kwa ola limodzi, mulembe mndandanda wa zochitika, mzere umodzi pa chilichonse. Chochitika ndi pamene anthu ali pa malo amodzi, nthawi imodzi, ndipo pakutha pake china chake chasintha. "Agogo anali ndi chisoni" si chochitika. "Agogo akana kupereka mbale yachiwiri, mwana wawo wamkazi aipereka mobisa" ndi chochitika.

Zanga zinayamba motere: kufika kwa basi, usiku woyamba m'khitchini, kamtsikana kapita kumjigo anzake n'kukaseka chilankhulo, bwalo la kwa amfumu lokamba za munda, telala wa pamsika abwera kudzafunsa mtengo wa makina. Ndinafika pa 26 osavutika. Mndandanda wanu ukaima pa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, musadandaule, muli ndi nthano yaifupi yabwino, ilembeni choncho. Ukaima cha pa khumi ndi zisanu, kawirikawiri ndiye kuti wotchinga mpangankhani wanu ndi wofooka, kapena ndi mmodzi yekha. Mupatseni wotsutsa wachiwiri amene naye ali ndi zifukwa zomveka. Kwa ine anali mwana wamwamuna wa agogo, amene ankauyembekezera munda womwewo ndipo anali atausamalira zaka zonse.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri

Choyamba ndi kulemba pofuna kubwezera kapena kuyeretsa. Mudzadziwa kuti mwagwamo mukaona kuti munthu mmodzi m'buku ndi wolakwa pa tsamba lililonse, kapena kuti amayi anu salakwa ngakhale kamodzi. Mankhwala ake ndi awa: lembani tsamba limodzi m'mawu a munthu amene mukumuweruzayo, akudziteteza, mpaka inu nomwe muyambe kumumvera chisoni. Mukalephera, nthawi yolemba nkhaniyo sinakwane.

Chachiwiri ndi abale amoyo. Chibale ndi fupa, sichiola, koma buku likhoza kuchithyola. Kusintha dzina lokha sikukwanira, pamudzi aliyense adzamuzindikira munthuyo pa tsamba lachitatu. Sinthani boma, sinthani ntchito, sinthani chiwerengero cha ana, ndipo phatikizani anthu awiri akhale mmodzi. M'buku langa mudzi uli m'boma lina ndipo makina anasanduka chinthu china. Koma koposa zonse, pali nkhani zina zimene mwini wake ali moyo ndipo bala lake silinapole. Kamtsikana kaja lero ndi mayi wa ana ake. Ndisanalembe mzere uliwonse, ngakhale zimene mwawerenga panozi, ndinamuimbira n'kumufotokozera zonse. Anandipempha kuti chinthu chimodzi ndisachitchule, ndipo sindinachitchule. Bukulo silinachepe nacho.

Mayi aja ndinakumana nawonso patapita milungu itatu. Anati anatumiza funso limodzi kwa azakhali awo ku Ntcheu, lofunsa kuti mkazi woyamba wa bambo awo ankaphikira mumphika wotani. Yankho linabwera la mphindi khumi ndi zinayi, ndipo mphikawo unangotchulidwa m'mphindi yoyamba yokha. Sabata ino tumizani funso lanu, achikulire amene akudziwa nkhaniyo akadali ndi mpweya woyankhira.